Njinga yamoto ikungokhala, ndimupatse munthu azindipatsa ya tsiku?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya 150cc yomwe ndinkapitira ku ntchito, pano andisamutsira pafupi ndiye ikungokhala m'nyumba. Pali mnyamata wina akufuna ndimupatse aziyendetsa kabaza, azindipatsa ndalama tsiku lililonse. Ndilinso ndi kachipinda kosagonamo munthu komanso dilu ndi gilayinda zongokhala. Kodi zimenezi zimapindulitsadi kapena ndingowononga katundu wanga?

Yankho:

Achimwene, zimapindulitsa, koma osati mmene anthu ambiri amawerengera akangomva ndalama ya tsiku ija. Ndikhalitsa pa njinga yamoto chifukwa pa zinthu zanu zonsezo ndi imene ingakubweretsereni ndalama yooneka komanso ndi imene ingakulizeni msanga, za chipinda ndi zida ndizikhudza pang'ono kumapeto.

Chinthu choyamba chomwe ndikufuna mumvetse ndi ichi, ndalama imene mnyamatayo azikupatsani madzulo siyonse yanu. Gawo lalikulu ndi la njingayo. Tsiku lililonse ikatuluka imabwerako itachepako, tayala ladyeka, tcheni chatamuka, oyilo wada, injini yakalambako, ndipo zonsezi sizioneka tsiku limenelo, zimadzaoneka pakapita miyezi itatu inayi, zonse nthawi imodzi, inu ndalama zija munadya kalekale. Anthu ambiri amene ndawaona akudandaula kuti bizinesi ya kabaza ndi yabodza sikuti anaberedwa ayi, ankangodya njinga yawo pang'onopang'ono nkumayesa kuti ndi phindu.

Taganizirani kaye mtunda. Inu popita ku ntchito mwina munkayenda makilomita 15 kapena 20 pa tsiku. Wa kabaza wolimbikira kuyenda makilomita 100 pa tsiku si nkhani, ndipo akuyenda atanyamula munthu, nthawi zina ndi katundu pamwamba, kuima ndi kunyamuka tsiku lonse, kilatchi ndi mabuleki osapuma. Makilomita 100 kwa masiku 6 pa sabata, pa chaka ndi makilomita opitirira 30,000. Mtunda umenewo inu nokha mukanauyenda zaka zisanu kapena kuposa. Ndiye musamaione njingayo ngati mmene mukuidziwira inu, kuti ine chiigulire sinandivutepo, ikayamba ntchito imeneyi ikhala njinga ina.

Tiyeni tiwerenge bwinobwino. Sindiika ndalama zenizeni chifukwa mitengo imasintha komanso imasiyana malo ndi malo, ndingoika manambala achitsanzo, inu muchotse anga muikepo anu. Tinene kuti njinga yanu mutaigulitsa lero mungapeze 1,000. Mwagwirizana ndi mnyamata kuti azikupatsani 4 pa tsiku, mafuta azithira yekha, masiku 6 pa sabata. Mukawerenga pa pepala, masiku 26 kuchulukitsa ndi 4 ndi 104 pa mwezi, ndiye mumtima mumati eee miyezi khumi yokha ndalama ya njinga yabwerera. Apa mpamene anthu amagwera.

Masiku 26 aja sakwana. Pali tsiku la sevisi, pali tsiku limene woyendetsa wadwala kapena wapita ku maliro, pali tsiku la mvula yoti sanagwire kanthu, pali tsiku loti njinga yagona kwa makaniko kudikira sipeya. Ine ndimalangiza kuwerengera masiku 22 olipidwa, ndiye 88 pa mwezi. Pa 88 ameneyo chotsani oyilo, tinene 10. Chotsani matayala, tcheni ndi masipuloketi, mabuleki, pulagi, makebulo, mukazigawa pa mwezi tinene 15. Inshuwalansi ndi mapepala a pamsewu, 60 pa chaka, ndiye 5 pa mwezi. Kathumba ka ngozi zing'onozing'ono, galasi lasweka, indiketa yathyoka, limu yapindika, ikani 8. Zonsezi ndi 38, kwatsala 50.

Koma sitinathe. Njinga imene lero ndi ya 1,000, ikagwira kabaza zaka ziwiri mwina mudzaigulitsa 400. Yataya 600 pa miyezi 24, ndiye 25 mwezi uliwonse. Ndalama imeneyi palibe amene amabwera kudzakuitanitsani, nchifukwa chake imaiwalika, koma ndi yeniyeni. Mukaichotsa pa 50 paja kwatsala 25. Ndiye pa 104 amene munkalota uja, amene mungadye mtima uli m'malo ndi 25 basi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Si zoipa ayi, pa chinthu chomwe chimangokhala m'nyumba ndi ndalama ndithu, koma ngati mumafuna kuti muzilipirira zinthu za 100 mwezi ndi mwezi, dziwani kuti pakatha zaka ziwiri mudzakhala mulibe njinga mulibenso ndalama yogulira ina.

Ndipo pali funso lina lomwe muyenera kudzifunsa moona mtima, bwanji osangoigulitsa lero? Mukagulitsa muli ndi 1,000 m'manja, opanda mutu kuwawa. Mukabwereketsa zaka ziwiri zinthu nkuyenda bwino, 50 kuchulukitsa ndi 24 ndi 1,200, kuphatikiza 400 wogulitsira, 1,600. Kusiyana kwake 600, ndipo 600 ameneyo ndi malipiro anu a kulondola munthu, kuyang'anira sevisi, ndi kusenza chiopsezo choti njinga itha kubedwa kapena kuchita ngozi yaikulu mwezi wachitatu. Kungoisunga m'nyumba ndiye njira yoipa pa zonse, batire limafa, mafuta otsalira amauma nkutseka kabuleta, matayala amang'aluka ngakhale asakuyenda. Kanthu kena kakang'ono, ndalama ya kukalamba kwa njinga ija muziiwerengera pa mtengo wa njinga imene mudzagule m'malo mwake, osati imene munagulira kale, chifukwa mitengo ikakwera 25 uja sadzakwana, ndiye pakapita miyezi ingapo muzifunsa mtengo nkusintha.

Ndalama ya njinga ija muziisunga payokha. Akakupatsani ya tsiku, nthawi yomweyo gawani, ya njinga uko, yanu uku. Ikasakanikirana ndi ya pakhomo yapita, ndipo tsiku limene tayala lakumbuyo lidzathe mudzayamba kukongola kuti mukonze chinthu chomwe chimayenera kudzikonza chokha.

Tsopano nkhani ya oyilo, pano ndiye ndikupemphani musagonje. Mafuta a petulo azithira mnyamatayo, pamenepo palibe vuto chifukwa akapanda kuthira njinga siyenda. Koma oyilo musamusiyire. Chifukwa chake nchosavuta, munthu amene akulipira ya tsiku phindu lake lili pa lero, akadumpha kusintha oyilo sabata ino wasunga ndalama, ndipo njinga iyendabe bwinobwino, kuonongeka kwake kudzaoneka patsogolo iye mwina atasiya kale. Tinjini ting'onoting'ono timeneti timatenga oyilo pafupifupi lita imodzi yokha, timazizira ndi mphepo, ndipo tambiri tilibe fyuluta yeniyeni ya oyilo koma kasefa chabe, ndiye oyilo amatopa msanga. Onani buku la njinga yanu, koma pa ntchito yolemera ngati iyi, makamaka m'misewu yafumbi, kusintha pa makilomita 1,000 mpaka 1,500 ndi bwino. Kwa munthu woyenda 100 pa tsiku ndiye kuti pafupifupi masabata awiri aliwonse. Gulani oyilo nokha, wolembedwa kuti ndi wa njinga zamoto osati wa galimoto, chifukwa kilatchi ya njinga zambiri imakhala m'oyilo momwemo ndipo oyilo wina wa galimoto amaipangitsa kuterereka. Asinthe inu mukuona, kapena kwa makaniko amene mwasankha inu.

Tsiku la oyilo lomwelo ndi tsiku loyendera njinga, mphindi khumi zokha zimakwana mukadziwa poyang'ana. Lizani injini ikadali yozizira muone utsi. Utsi wabuluu ndiye kuti ikuwotcha oyilo, mwina maring'i a pisitoni akutha, ndipo ngati wayamba patangopita miyezi yochepa dziwani kuti njinga imayenda ndi oyilo wochepa kapena fyuluta ya mpweya inasiyidwa yakuda kapena yong'ambika fumbi nkumalowa. Kankhani tcheni ndi chala pakati, chizisewera masentimita awiri kapena atatu, chikakhala chouma chadzimbiri ndiye kuti sakuchithira mafuta. Onani mano a sipuloketi, akayamba kusongoka nkupindikira mbali imodzi atha, ndipo posintha musinthe tcheni ndi masipuloketi onse awiri limodzi, mukasintha chimodzi chakale chimadya chatsopano. Gwirani masipoko a kumbuyo, akamamasuka kapena kuthyoka pafupipafupi, mashoko nkumadontha mafuta, ndiye kuti njinga ikunyamula zopitirira muyeso, anthu awiri atatu kapena matumba olemera. Lembani makilomita. Mita ikaonetsa makilomita 200 pa masabata awiri koma tayala likutha, wina wazula kebulo ya sipidomita, ndi chinthu chongomasula ndi dzanja pa gudumu lakutsogolo.

Pali vuto lina lomwe eni njinga atsopano saliganizira, kusinthanitsa masipeya. Batire lanu labwino limachoka nkubwera lotopa, tayala latsopano limasinthidwa ndi lakale, ngakhale kabuleta ndi kabokosi ka moto kaja ka CDI. Inu mukungoona njinga ndi yomwe ija koma mkati ikutha. Musanaipereke jambulani ndi foni mbali zonse, nambala ya injini, nambala ya chasisi, mita, ndipo ikani kadontho ka penti pamalo obisika pa batire, matayala, kabuleta ndi mashoko. Muuzeni kuti mwatero. Simukumunena kuti ndi wakuba ayi, mukungochotsa mayesero komanso mukumuteteza iyeyo kuti tsiku lina musadzamunamizire.

Za malamulo musazitenge mopepuka. Woyendetsa akhale ndi layisensi ya njinga yamoto ndipo muione ndi maso anu, musunge chithunzi chake. Inshuwalansi imene munadula yoti muziyendera nokha nthawi zambiri siigwira ntchito njinga ikamanyamula anthu olipira, ndiye pitani mukawauze kuti ntchito yasintha, akupatseni yoyenera ngakhale ikhale yokwererapo. Ngozi ikachitika munthu nkuvulala, amene amasakidwa ndi mwini njinga amene dzina lake lili pa mapepala, ndipo mlandu umodzi wotero utha kumeza phindu la zaka zonse ziwiri zija ndi zina pamwamba. Zipewa zikhale ziwiri, cha woyendetsa ndi cha wokwera. Funsaninso ku ofesi yoona za pamsewu kwanuko ngati pakufunika chilolezo chapadera chonyamulira anthu.

Munthuyo mumudziwe kumene amagona, osati pamene amaima pokha. Pakhale wachibale wake kapena munthu wokhazikika amene asayine kuti zikavuta adzayankha. Ndipo lembani pangano, ngakhale tsamba limodzi la m'kope, aliyense asunge lake. Mulembemo ndalama ya tsiku ndi nthawi yobweretsa, masiku opuma, amene agule chiyani, kumene njinga izigona, malire a kumene ingafike, komanso kuti saloledwa kupatsa mnzake. Mfundo yomalizayi ndiyofunika kwambiri, chifukwa zimachitika kuti amene munamupatsa amayendetsa masana, usiku nkubwereketsa kwa wina kuti apeze yapamwamba, njinga nkumagwira maola 18 pa tsiku m'manja mwa munthu amene simunamuonepo. Nchifukwa chake ine ndimakonda kuti njinga izigona kwa mwini wake, madzulo aliwonse mumaiona, mumalandira ndalama, nkhani yatha. Pa zokonza gawani chonchi, zotha chifukwa choyenda monga matayala, tcheni ndi oyilo ndi zanu, zoonongeka chifukwa cha kusasamala monga kugwa, ponkicha ndi chindapusa cha pamsewu ndi zake.

Ngongole ya masiku ndi imene imapha mgwirizano wambiri. Amayamba ndi "bwana lero sizinayende, mawa ndibweretsa zonse", inu chifundo, mawa abweretsa theka, pakutha mwezi ali ndi ngongole ya masiku khumi. Munthu amene amapeza ndalama ya tsiku ndi tsiku sangabweze masiku khumi pakamodzi, ndipo ngongole ikakula amayamba kukuthawani, kapena kuithamangitsa njinga mopitirira kuti apeze, kapena kungoisiya penapake nkuzima foni. Lembani kuti akadumpha masiku atatu njinga iima mpaka alipire. Zimaoneka zouma mtima koma ndi chifundo chenicheni, masiku atatu munthu atha kubweza. Komanso inu musaike ndalama ya tsiku yokwera kwambiri, funsani oyendetsa angapo kuti pa tsiku wamba amatsala ndi zingati akachotsa mafuta, ngati gawo lanu likumusiya wopanda chopita nacho kunyumba, adzalipeza pa njinga yanu yomweyo, ponyamula mopitirira ndi podumpha zokonza.

Pali njira yachiwiri imene kwa munthu ngati inu, amene muli pa ntchito ndipo simungamalondole njinga tsiku lililonse, ndikuona kuti ndi yabwino kuposa yoyamba. Mumagwirizana kuti azilipira yokwererapo, akamaliza ndalama yonse njinga ikhala yake. Pa chitsanzo chathu chija, mtengo wonse mwagwirizana 1,500, azipereka 6 pa tsiku, ndiye masiku 250 olipira, pafupifupi chaka mukaphatikiza masiku opuma ndi ophonya. Zokonza zonse ndi zake. Ubwino wake ndi woti munthu amasamala chinthu chomwe akudziwa kuti chikhala chake, oyilo amasintha yekha osamukumbutsa, sanyamula anthu atatu, sazula mita. Inu mumapeza 500 pamwamba pa chaka chimodzi, m'malo mwa 600 pa zaka ziwiri, kungochotsapo inshuwalansi ngati mwagwirizana kuti ikhale yanu. Kuipa kwake ndi koti pamapeto njinga mulibe, ndiye ngati mumaifunabe njira iyi si yanu.

Mukasankha njira imeneyi mapepala a umwini akhale m'dzina lanu ndi m'manja mwanu mpaka ndalama yomaliza, ndipo mulemberetu chimene chidzachitike akalephera pakati, chifukwa mikangano yoopsa imabuka pamenepo. Iye amati ndalipira theka ndiye theka la njinga ndi langa, inu mumati walephera ndiye zonse zapita. Chilungamo chili pakati. Lembani kuti akalephera, masiku amene wayenda awerengedwa ngati lendi wamba. Tinene walipira masiku 100, ndiye 600. Lendi ya masiku 100 pa 4 ndi 400, ameneyo ndi wanu. Wotsala 200 ndi wake, muchotsepo zokonza zimene wasiya zoonongeka, wotsalayo mumubwezere. Onse awiri mukadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba, palibe amene adzathawe ndi njinga poopa kutaya zonse. Malipiro aliwonse alembedwe m'kope nonse nkusayina, kapena azitumiza pa foni kuti umboni uzitsala wokha.

Zida zanu zija, dilu ndi gilayinda, kawerengedwe kake nkomweko koma chiopsezo chake nchosiyana. Sizitha pang'onopang'ono ngati njinga, zimafa kamodzi, munthu akaikakamiza gilayinda pa chitsulo chokhuthala osaipumitsa mota imapsa tsiku lomwelo. Ndiye apa chofunika ndi dipoziti yoyandikira mtengo wa chidacho, osati kandalama kongosonyeza. Muiyatse pamaso pake popereka, muiyatsenso pobweza, mununkhize ngati ikumveka kupserera, muone ngati ikuthetheka moto wambiri mkati. Madisiki ndi mabiti agule yekha, chifukwa zimenezo zimatha pa ntchito imodzi. Muzibwereketsa pa tsiku ndipo tsiku lochedwa kubweza lizilipidwa, apo ayi chida chimakhala kwa munthu mwezi wonse inu mwalandira ya tsiku limodzi. Ndalama yake ndi yapatalipatali, musaiwerengere ngati ya mwezi ndi mwezi pokhapokha ngati muli pafupi ndi amisiri amene amazifuna kawirikawiri.

Chipinda ndiye chimene chili ndi ndalama yokhazikika kwambiri pa zonse, chifukwa sichiyenda pamsewu ndipo kukalamba kwake nkochepa, penti, loko, mwina galasi. Pa lendi mutha kudya gawo lalikulu, kungopatula ya mwezi umodzi pa chaka ya zokonza ndi ya masiku amene chidzakhale chopanda munthu. Mavuto ake ali pawiri. Loyamba magetsi ndi madzi, mukangonena kuti zonse zili mu lendi munthu nkubwera ndi mbaula yamagetsi ndi ayironi, bilu imadya phindu lonse, ndiye mugwirizane kagawidwe kake poyamba kapena muike kamita kakekake ka chipindacho. Lachiwiri ndi loti njinga mutha kuilanda madzulo omwewo koma munthu wogona m'nyumba simungangomutulutsa, malamulo m'malo ambiri amafuna notisi, ndipo kumutsekera panja kapena kumutayira katundu kutha kukuikani inuyo pa mlandu. Ndiye dipoziti ya mwezi umodzi, lendi yolipiriratu kumayambiriro kwa mwezi, pangano lolemba lonena za notisi, alendo ogona ndi kagwiritsidwe ka bafa ndi khitchini. Ngati nyumbayo nanunso mukuchita lendi, funsani kaye eni ake, mapangano ambiri saloleza kulowetsa munthu wina wolipira.

Kwa inu ndikanati yambani ndi chipinda mwezi uno, pomwe mukukonza za inshuwalansi ndi pangano la njinga. Mnyamatayo mumuyese kaye mwezi umodzi pa ndalama ya tsiku, njinga izigona kwanu, oyilo muzigula inu. Akabweretsa ndalama osakumbutsidwa, mita nkumagwirizana ndi mmene matayala akuthera, timadontho ta penti tonse tili m'malo, pamenepo mukhale naye pansi mukambirane zoti azilipira mpaka ikhale yake.